Kawerengedwe ka Galafu ya ROC: Chitsanzo cha CRP Pofufuza TB

Kuyeza CRP, puloteni imene imachuluka m'magazi thupi likamalimbana ndi matenda, kumangopereka nambala. Achipatala ndiwo amaika malire, kuti amene wawapitirira akayezedwenso makhololo. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza malire a 5 mg/L pofufuza TB mwa akuluakulu ndi achinyamata omwe ali ndi HIV. Galafu ya ROC imaonetsa zimene timapindula ndi zimene timataya tikasuntha malirewo.

Tiyerekeze kuti tayeza anthu 200. Mwa iwo, 100 atsimikizika kuti ali ndi TB, 100 enawo alibe. Pa malire a 5, tinene kuti tapeza odwala 90, koma tawaganizira molakwika anthu 50 opanda TB. Tikakweza malire kufika pa 10, oganiziridwa molakwika atsika kufika pa 35, koma odwala opezeka atsikanso kufika pa 83. Odwala ena 7 abwerera kwawo osadziwika.

Malire aliwonse amakhala kadontho kamodzi pagalafu. Mzere woimirira, wolembedwa Sensitivity, umaonetsa gawo la odwala omwe apezeka. Mzere wogona, wolembedwa 1 - Specificity, umaonetsa gawo la anthu opanda matendawa omwe aganiziridwa molakwika. Choncho malire a 5 ali pa 0.90 chokwera ndi 0.50 chakumanja. Timadontho tonse tikalumikizidwa timapanga mzere wokhota, ndipo mzerewo ukamayandikira ngodya yakumtunda kumanzere, ndiye kuti kayezedweko kakusiyanitsa bwino odwala ndi osadwala.

Kukula kwa malo a pansi pa mzerewo ndiko kumalembedwa kuti AUC. Ikakhala 1.0, kayezedweko sikaphonya. Ikakhala 0.5, n'chimodzimodzi kuchita mayere. Nanga 0.80? Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Sizitanthauza kuti zotsatira 80 pa 100 n'zolondola. Tanthauzo lake ndi lakuti mukatenga mwachisawawa munthu mmodzi wa TB ndi wina wopanda TB, maulendo 80 pa 100 wodwalayo ndiye adzakhale ndi CRP yokwera kuposa mnzakeyo.

AUC sikuuzani malire oyenera kusankha, komanso silabadira kuchuluka kwa matendawa m'dera. Pachipatala pomwe mwa anthu 1,000 odwala TB alipo 50 okha, malire a 5 aja apeza odwala 45 ndi kuloza molakwika anthu 475. Mwa anthu 520 otumizidwa kukapereka makhololo, odwaladi safika mmodzi pa 10 alionse. N'chifukwa chake CRP yokwera si chifukwa choyambira mankhwala a TB. Pamafunika kutsimikiza ndi makina monga GeneXpert.

Muzionanso kuti galafuyo inapangidwa pa anthu otani. CRP imakweranso ndi malungo ndi chibayo. Galafu yooneka bwino pa anthu obwera kuchipatala akuyenda okha imatha kuphwa m'wodi ya odwala kwambiri, poti kumeneko pafupifupi aliyense CRP yake ndi yokwera kale.