Musalonjeze kumudzi ndalama imene simunaigwire

Ndatopa nayo samu imene abale amabwera nayo ku ofesi yanga kuno ku Limbe. Mwana wawo ali ku Mangalande, akusamalira okalamba, akulandira £13 pa ola. Achulukitsa ndi maola, asintha kupita m'makwacha, basi maziko a nyumba ku Machinjiri akumbidwa kale. Achimwene ndi achemwali amene muli kunjako, vutoli limayambira kwa inu, chifukwa mumatchula malipiro a pa ola mmalo motchula ndalama imene imagwa mu akaunti.

Tiyeni tiwerengere limodzi, potsata malamulo a ku England a chaka cha msonkho choyamba pa 6 Epulo 2025. Maola 37.5 pa sabata pa £13 ndi £487.50. Musachulukitse ndi 4. Chulukitsani ndi masabata 52, mupeza £25,350 pa chaka, ndiye mugawe ndi 12: £2,112.50 pa mwezi. Imeneyi si yanu yonse. Pa chaka, £12,570 yoyamba siidulidwa msonkho, koma yotsalayo boma limatengapo 20 peresenti, kutanthauza £213 pa mwezi. Kenako pali National Insurance, ndalama ina imene boma limadula pa malipiro, 8 peresenti ya ndalama yopitirira £1,048 pa mwezi, imene ikukwana £85. Penshoni ya kuntchito, imene amakulowetsani okha, imakudyerani pafupifupi £64. Yofika m'manja ndi £1,750 basi.

Tiyerekeze kuti chipinda mukulipira £600, chakudya £250, mayendedwe £150, foni ndi zina £50, ndipo mukusunga £150 ya viza ndi tikiti ya ndege pakagwa maliro. Yatsala £550. Pamenepo ndi pamene pali malire, ndipo ine ndimati lonjezani £400. Maola amachepa sabata zina, ndipo mukadwala, ndalama ya odwala ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro. Za ovataimu musaziike m'lonjezo. Pa £13 ya ola loonjezera, msonkho ndi National Insurance zikachoka mumatsala ndi £9.36, penshoni isanadulidwe.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi nkhani ya mtsikana wina amene mayi ake anabwera ndi mapepala ake a malipiro pa foni, akudandaula kuti mwana wasintha mtima, wachepetsa zotumiza. Mwanayo sanasinthe mtima ayi. Pa pepalalo, pamene panayenera kulembedwa 1257L, nambala ya msonkho ya anthu ambiri a ntchito imodzi, panali BR. Zilembo ziwirizi zimatanthauza kuti akudula 20 peresenti pa ndalama yonse kuyambira paundi yoyamba, ngati kuti iyi ndi ntchito yachiwiri. Mmalo mwa £213 ankadulidwa £422.50, kutaya pafupifupi £210 mwezi ndi mwezi. Anasintha ntchito osapereka kwa bwana watsopano P45, pepala la msonkho limene munthu amapatsidwa posiya ntchito, ndipo fomu ya oyamba ntchito anaidzaza molakwika. Iye ankaona ngati msonkho wa azungu ndi wotero basi. Pofuna kusunga lonjezo anayamba kudumpha chakudya, mayi ake kuno n'kutenga katapila kuti amisiri asachoke pa nyumba. Ndalama ya msonkho inabwezedwa, koma chiwongoladzanja cha katapila palibe anabweza.

Choncho lero lomwe tsegulani pepala lanu la malipiro. Mukaona BR kapena 0T pomwe muli ndi ntchito imodzi yokha, kapena W1, M1 kapena X kumapeto kwa nambala, imbirani a HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, kapena lowani mu akaunti yanu ya msonkho pa GOV.UK. Nambalayo ikakonzedwa chaka cha msonkho chisanathe pa 5 Epulo, kawirikawiri ndalama yodulidwa mopitirira imabwerera kudzera m'malipiro omwewo. Mukachedwa mudikira nthawi yaitali, ndipo pakatha zaka zinayi simungaifunsenso.

Chenjerani ndi madobadoba amene amati akutengerani ndalama ya msonkho. Amadulapo gawo lalikulu pa ntchito imene mungachite nokha mwaulere, ndipo ena amakusainitsani pepala loti ndalamayo izifikira kwa iwo. Uthenga wa pa foni wonena kuti dinani apa mulandire msonkho wanu ndi wa akuba. Chimodzimodzi munthu wa pa WhatsApp amene akuti mumupatse mapaundi, mnzake apereka makwacha ku Ndirande pa mtengo wokwera. Tsiku limene adzazimitse foni mulibe lisiti, mulibe kokadandaula. Tumizani kudzera ku banki kapena makampani ovomerezeka, ndipo poyerekeza musamangoona ndalama yotumizira, muziona makwacha amene afike pa Airtel Money kapena Mpamba.

Lonjezolo likhale la mapaundi, osati lakuti ndidzalipira fizi yonse kapena simenti yonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera, koma malipiro anu a pa ola sanasunthe. Auzeni amayi kuti ndi £400 pa mwezi, ndipo amisiri aziitanidwa ndalamayo ikafika.