Kodi mtsinje wathu ungayendetse chigayo? Mafunso ndi mayankho pa kuwerengera mphamvu ya tebaini

"Tili ndi mtsinje wotsika m'phiri pafupi ndi mudzi. Tidziwa bwanji ngati madzi ake angatembenuze chigayo?"

Muyeze zinthu ziwiri: malita a madzi amene amadutsa pa sekondi imodzi, ndi mamita amene madziwo adzatsike kuchokera pomwe paipi ikuyambira kufika pa tebaini, gudumu lomwe madziwo amazungulitsa. Mamita amenewa ndi oimirira, ngati kuya kwa chitsime, osati kutalika kwa njira yomwe mwayenda. Mukazipeza, masamu ake ndi awa:

```
P = 9.81 × Q × H × e
```

Apa `P` ndi mphamvu m'mawati, `Q` ndi malita pa sekondi, `H` ndi mamita otsika, ndipo `e` ndi gawo la mphamvu lomwe limatsala makina akadyako yawo. Mukakhala kumtsinje komweko opanda pepala, chulukitsani malita ndi mamita, kenako ndi 5, ndipo mupeza mawati a magetsi omwe mungayembekezere. Malita 50 pa sekondi otsika mamita 24 apereka mawati pafupifupi 6,000. Malita 200 otsika mamita 6 aperekanso chimodzimodzi, koma adzafuna ngalande yaikulu, paipi yonenepa ndi tebaini yolemera. N'chifukwa chake malo a m'mapiri, monga ku Bondo ku Mulanje komwe mtsinje wa Lichenya umapereka magetsi kumidzi, amatsika mtengo kuposa malo a m'chigwa.

"Madzi oyenda tiwayeza bwanji popanda zipangizo?"

Kamtsinje kakakhala kakang'ono, tsekani ndi matumba a mchenga kuti madzi onse adutse pa lata lopinda n'kugwera mu diramu la malita 200. Likadzaza m'masekondi 8, ndiye malita 25 pa sekondi. Njira iyi sinama, koma madzi akachuluka diramu limadzaza musanawerenge n'komwe.

Zikatero, gwiritsani ntchito chinthu choyandama. Sankhani malo owongoka, opanda mathithi ndi maiwe, ndipo muyeze mamita 10. Ponyani lalanje kapena botolo lokhala ndi madzi theka chakumtunda pang'ono kwa chizindikiro choyamba, kenako muwerenge nthawi. Tsamba louma musaliganizire, mphepo imalikankha. Bwerezani kasanu n'kutenga nthawi yapakatikati.

Tinene kuti lalanje latenga masekondi 16. Liwiro lake ndi mamita 0.625 pa sekondi. Mtsinjewo m'lifupi ndi mamita 1.2, ndipo mutamiza ndodo m'malo asanu modutsa mtsinje, kuya kwapakatikati kwapezeka masentimita 15. Mukachulukitsa 1.2 ndi 0.15 ndi 0.625, kenako ndi 1,000 kuti yankho likhale m'malita, mupeza malita pafupifupi 112 pa sekondi. Ambiri amaima pamenepa n'kukagula makina, ndipo ndi pomwe ndalama zimalowera m'madzi. Lalanje limayenda pamwamba, pomwe madzi amathamanga. Apansi ndi a m'mphepete amakhuzana ndi miyala n'kumatsalira. Choncho nambalayo muichepetse. Mu ngalande yosalala ya simenti chulukitsani ndi 0.8, mu mtsinje wamba ndi 0.6, ndipo pomwe madzi ndi osaya, miyala ikuonekera, ndi 0.45. Pa chitsanzo chathu, 112 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi malita 67.

Simungatenge onse. Pakati pa popatutsira madzi ndi pomwe amabwerera mumtsinje pali ochapa, a madimba, ziweto ndi nsomba. Tiwerengera malita 50.

"Tiyeze mwezi uti?"

Mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanagwe. Muyeso wa mu Febuluwale ukuthandizani kudziwa pomwe madzi osefukira amafika kuti musamangepo nyumba ya chigayo, basi. Afunseninso akuluakulu a m'mudzi kuti chaka cha chilala mtsinjewo unatsala bwanji.

"Foni yanga imaonetsa kukwera kwa malo. Siingakwanire poyeza kutsika?"

Ayi. Foni itha kuphonya ndi mamita 10 kapena kuposerapo, ndipo pa malo otsika mamita 24 ndiye kuti mwaphonya pafupifupi theka la mphamvu. Bwerekani kapaipi koonekera mkati komwe amisiri omanga amatengera levulo. Mudzazemo madzi, mutulutse mpweya wonse. Wina aime kumtunda atagunditsa madzi a m'kapaipiko pa chikhomo, wina atsike ndi mbali inayo ataigwirizitsa ku ndodo yolembedwa masentimita. Madzi akakhazikika, werengani kutalika kwawo kuchokera pansi, lembani, khomani chikhomo china pamenepo, n'kupitiriza mpaka pomwe padzakhale tebaini. Phatikizani zonse. Mubwerezenso pokwera, miyeso iwiriyo ikasiyana ndi theka la mita kapena kuposa, ndiye kuti penapake m'kapaipi munali thovu la mpweya.

Ngati muli ndi geji yoyezera mphamvu ya madzi ndi paipi yaitali, ntchito ifupika. Dzazani paipiyo, tsekani kumunsi ndi gejiyo. Pa geji, 1 `bar` ndi mamita 10.2, ndiye mamita 24 aonetsa pafupifupi 2.35.

"Tapeza malita 50 ndi mamita 24. Ndiye chigayo chilandira mphamvu yochuluka bwanji?"

Madzi okha ali ndi mawati 11,772. Tiyeni tiwatsatire kuti tione pomwe akuthera.

Woyamba kudya ndi paipi. Madzi akamakhuza m'makoma mwake, mamita ena amatayika ngati kuti phirilo lafupika. Tinene kuti paipi yathu ndi ya pulasitiki yosalala, yotalika mamita 120. Ya kukamwa kwa mamilimita 200 itaya pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo tikaonjezera makona, valavu ndi polowera, tinene mamita 2. Ya mamilimita 160 itaya mamita oposa 4 ndi theka, makona tisanawerengere. Ya mamilimita 110, yomwe imakopa chifukwa imapezeka paliponse, ingafune mamita pafupifupi 29 kuti ingodutsitsa malita 50, pomwe phiri lonse ndi mamita 24. Malita 50 onsewo sangadutse n'komwe. Paipi ikangochepa pang'ono, kutaya kumakwera moopsa: kuchepetsa kukamwa kwake ndi theka kumachulukitsa zotayika ka 30 kapena kuzungulira pamenepo. Mukafuna kupulumutsa ndalama, fupikitsani paipi pokumba ngalande yoyenda m'mbali mwa phiri, koma musaiwondetse. Zotayika zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kutsika konse.

Tatsala ndi mamita 22, ndipo madzi akufika pa tebaini ndi mawati 10,791.

Pa madzi ndi kutsika kotere, tebaini yoyenera ndi ya kirosifulo, yooneka ngati ng'oma yogona yokhala ndi timapeni topindika, yomwe madzi amaimenya polowa n'kuimenyanso potuluka. Yowotcherera kwa amisiri athu iwerengereni 0.65, ngakhale wogulitsa atakulonjezani zoposa. Pa shafiti patsala mawati pafupifupi 7,000. Lamba adyako magawo 5 pa 100, ndipo chigayo chilandira mawati 6,660.

Popeza hosipawa imodzi ndi mawati 746, apa tili ndi mahosipawa pafupifupi 9. Chigayo chaching'ono cha mahosipawa 10 chiyenda bwino, bola wogayitsa asamachitsamwitse ndi chimanga. Cha mahosipawa 20, ngati zija za m'matauni, chizingolira n'kuima. Chokonolera chingakhalepo, koma ziziyenda mosinthana.

"Bwanji tipange magetsi kaye, chigayo chiziyendera mota ngati za kumsika?"

Zitheka, koma muwerengere mtengo wake. Kuchokera pa mawati 6,660 aja, jenereta isiya pafupifupi 5,700. Mota ndi lamba wake zikadyakonso, chigayo chilandira pafupifupi 4,600, mahosipawa 6 basi. Gawo limodzi mwa magawo atatu lapita osagaya ndi chitini chomwe.

Vuto lalikulu ndi poyatsa. Mota yoyatsidwa mwachindunji imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuposa omwe imadya ikamayenda. Magetsi a ESCOM sazimva zimenezi, koma kajenereta kathu kamagwada: mababu athima, mota ingong'ung'udza osazungulira, ikakhalitsa choncho ipsa. Ngati nyumba ya chigayo ingamangidwe pa tebaini pomwepo, lumikizani ndi lamba masana, madzulo musamutsire lambayo ku jenereta. Njira ya magetsi ili ndi phindu pokhapokha tebaini ili kuphompho komwe amayi sangatsikeko ndi thumba pamutu.

"Mphamvu yakwana, koma kodi liwiro likwana?"

Tebaini ya kirosifulo imafuna liwiro lake kuti igwire bwino ntchito:

```
n = 40 × √H ÷ D
```

Apa `D` ndi kukula kwa ng'omayo m'mamita, ndipo `n` ndi maulendo omwe imazungulira pa mphindi. Ya masentimita 30 pa mamita 22 izungulira pafupifupi ka 625. Chigayo cha nyundo chimafuna pafupifupi ka 3,000, koma onani nambala yolembedwa pa chanucho. Kusiyanaku ndi kasanu, kochuluka kwa lamba mmodzi chifukwa pa pule yaing'ono amaterereka, choncho ikani shafiti yapakati kuti liwiro likwere kudzera pa malamba awiri. Lamba wachiwiriyu nayenso adyako magawo ena 5. Dziwaninso kuti lamba akaduka kapena chimanga chikatha, tebaini imathamanga mpaka pafupifupi kuwirikiza kawiri. Valavu ikhale pafupi ndi wogayitsa, ndipo aziitseka pang'onopang'ono. Kutseka mwadzidzidzi kumagunditsa madzi mu paipi mpaka kuiphulitsa.

"Nanga madzi akatsika kufika malita 30 m'chilimwe?"

Chigayo chilandira mawati pafupifupi 3,900, chifukwa tebaini yosakhuta madzi imatayanso mphamvu yambiri. Mutha kugayabe pothira chimanga pang'onopang'ono, kapena kusunga madzi usiku. Kuti mugaye maola anayi ndi malita 50 pomwe mtsinje ukupereka 30, mukuperewera malita 20 pa sekondi kwa masekondi 14,400, omwe ndi malita 288,000. Limeneli ndi dziwe la mamita 16 m'litali, 15 m'lifupi, lakuya mamita 1.2. Lidzaza lokha m'maola osakwana atatu chigayo chikaima, bola lisamadonthe.

"Pakufunika chilolezo?"

Inde. Ku Malawi lamulo la za madzi la 2013 limafuna kuti wopatutsa madzi a mtsinje pa ntchito ngati iyi atenge chilolezo ku bungwe loyang'anira madzi la NWRA, ndipo malita ndi mamita mwayezawa ndi omwe mudzanene popempha. Mukafuna kugulitsa magetsi kwa anthu, mukambiranenso ndi bungwe la MERA.

"Tamanga kale, koma chigayo chikufooka kuposa momwe tinawerengera. Tiyambire pati?"

Pa geji. Iikeni pa paipi chakumtunda kwa valavu, pafupi ndi tebaini, ndipo muwerenge kawiri. Valavu itatsekedwa, pa chitsanzo chathu iyenera kuonetsa 2.35. Ikaonetsa zochepa, paipi sinadzaze: mwina ikudontha, muli mpweya, kapena kutsika munayeza molakwa. Mukatsegula, itsike pang'ono kufika pa 2.1 kapena 2.2. Ikagwa kwambiri, pitani kumtunda mukaone sefa ya polowera, yomwe nthawi ya mvula imatsekeka ndi masamba ndi mapesi, kapena mchenga womwe wadikha m'malo ogona a paipi. Singano ikamavina, polowera pakumeza mpweya, ndipo pamwamba pa madzi muona kadzenje kozungulira. Kukamwa kwa paipi kukhale kozama m'madzi kuposa kukula kwa paipiyo kawiri.

Geji ikamawerenga bwino koma ufa ukuchedwabe, vuto lili ku makina. Imitsani chigayo n'kugwira pule: ikatentha ndipo pansi pali fumbi lakuda, lamba akuterereka. Ikakhala yozizira, tsegulani chigayo muone nyundo ngati zatha m'makona ndi sefa ngati yamatika ndi mphale yonyowa.