Amphaka a m'mvula si a ku France

Pali mawu amene ambiri amati ndi Chifalansa: "il pleut des chats et des chiens", kutanthauza kuti kukugwa amphaka ndi agalu. Galamala yake ilibe vuto, koma mwambiwu si wa Afalansa. Ndi wa Angerezi, ndipo wina anangouveka mawu a Chifalansa limodzilimodzi. Mukaunena mumsewu wa mumzinda wa Lyon ku France, munthu wosadziwa Chingerezi akhoza kuganiza kuti pali ziweto zagwa padenga, pomwe inu mumangofuna kunena kuti kwagwa chimvula.

Kwawo ku England mwambiwu ndi wakale. Mlembi Jonathan Swift anaulemba m'buku lake la 1738, ndipo mu 1710 anali atalemba kale ndakatulo ya mvula ya mu London, mmene madzi a m'ngalande akukokolola tiana ta agalu ndi amphaka akufa. Ena amati gwero lake ndi limenelo. Ena amaloza ku liwu lakale la Chifalansa lakuti "catadoupe", lotanthauza mathithi, lochokera ku dzina limene Agiriki ankatchulira mathithi a mtsinje wa Nailo. Amati Angerezi atalimva, khutu lawo linatolamo mphaka ndi galu. Nkhaniyi ndi yokoma, koma umboni wake palibe, ndipo ine ndimadandaula ndikaona ikuphunzitsidwa ngati yotsimikizika.

Nanga Mfalansa amati chiyani mvula ikakula? Amati "il pleut des cordes", kukugwa zingwe. Amene anaimapo pakhonde mu Januwale n'kuona madontho atalumikizana kuchoka kumwamba mpaka pansi sangavutike kumva chifukwa chake. Palinso "il pleut des hallebardes". "Hallebarde" chinali chida cha asilikali akale, mkondo wa mtengo wautali wokhala ndi nkhwangwa kumutu, ndiye akunena mvula yolasa pathupi. Womasulira Chifalansa m'Chichewa akalemba kuti kunagwa zingwe, wowerenga wathu afunsa kuti anaziponya ndani. Chofunika kulemba n'chakuti kunagwa chimvula chochita ngati akukhuthula. Asalembenso kuti mvumbi, chifukwa mvumbi umakhalitsa masiku, pomwe zingwezi zikunena za mphamvu ya mvulayo, ngakhale itagwa mphindi 20 zokha.

Mphaka ali nawo malo ake pa nkhani ya mvula ku France, koma sagwa kuchokera kumitambo. Anthu akumidzi ankati mphaka akamadzinyambita n'kupititsa phazi kuseri kwa khutu, ndiye kuti mvula ili pafupi. Mlembi wa ku France Marcel Aymé analembapo nthano, "La Patte du chat", ya mphaka wotchedwa Alphonse amene ankagwetsa mvula mwa njira imeneyi pofuna kupulumutsa atsikana awiri ku chilango. Apa ndiye womasulira ayenera kumusiya mphakayo mmene alili, ndi phazi lake ndi khutu lake, chifukwa si chining'a ayi: akunena mphaka weniweni amene mlimi ankamuyang'ana asanapite kumunda.