Kutenga pakati: kugona chagada kapena zakudya zapadera sizipangitsa mimba

Banja likakhala nthawi osaona mphatso ya mwana, malangizo amachuluka. Ena amati mayi azigona chagada ndi kukweza miyendo akangomaliza kugonana. Ena amati asakodze, asasambe, ndipo azidya zakutizakuti. Anthu opereka malangizowa amafunira banjalo zabwino, koma ambiri mwa malangizowa sagwirizana ndi mmene thupi limagwirira ntchito, ndipo amachedwetsa anthu kupita kukapeza thandizo lenileni.

Kodi kudzuka msanga kumataya mbewu?

Umuna umene bambo amatulutsa nthawi imodzi umakhala ndi mbewu mamiliyoni ambiri. Mbewuzi zili ndi timichira ndipo zimasambira zokha. Zikangofika pa khomo la chiberekero zimalowa m'chinyezi chimene chili pamenepo, ndipo zoyambirira zimafika m'njira za mazira pakangodutsa mphindi zochepa. Pamene mayi akudzuka, mbewu zamphamvu zimakhala zitapita kale patali, komwe kuimirira kapena kuyenda sikungazibweze.

Chimene chimadetsa nkhawa amayi ambiri ndi madzi amene amatuluka akadzuka. Umuna umatuluka uli wokhuthala, kenako umasungunuka pakatha mphindi 15 mpaka 30, ndipo gawo lalikulu la madziwo limabwerera kunja. Izi zimachitikira mayi wina aliyense, ngakhale amene wabereka ana ambiri, ndipo si chizindikiro chakuti chiberekero "sichigwira". Kugona pang'ono ngati mwatopa kulibe vuto, koma palibe umboni wakuti kukweza miyendo kapena kagonedwe kena kake pogonana kumawonjezera mwayi wa mimba.

Kukodza nakonso sikuchotsa mbewu, chifukwa mkodzo uli ndi njira yakeyake, yosiyana ndi njira yopita ku chiberekero. Mfundo imeneyi aimvetsetsenso amene sakufuna pakati. Kukodza, kudumphadumpha, kugonana choimirira kapena kutsuka mkati mwa maliseche sikuteteza ku mimba ngakhale pang'ono. Kutsuka mkati ndi sopo kapena mankhwala kumangopha tizilombo tabwino toteteza malowo n'kubweretsa matenda. Amene wagonana mosadziteteza ndipo sakufuna pakati apite kuchipatala msanga akafunse za njira yolera yapangozi. Imagwira bwino ikalandiridwa mwachangu, ndipo masiku 5 asadutse.

Chimene chimagamula ndi tsiku

Mayi amatulutsa dzira kamodzi pa mwezi wake wa msambo, ndipo dziralo limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Mbewu ya bambo imatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Choncho pa mwezi wonse pali masiku pafupifupi 6 amene kugonana kungabweretse mimba: masiku 5 dzira lisanatuluke, ndi tsiku limene latuluka.

Ambiri anamva kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14. Zimenezi zimakhala choncho kwa mayi amene amatenga masiku 28 kuchokera tsiku loyamba la msambo wina kufika tsiku loyamba la wotsatira. Kawerengedwe kolondola ndi kobwerera m'mbuyo: dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe.

Tiyerekeze mayi amene amasamba pakadutsa masiku 35 aliwonse. Mwamuna wake amagwira ntchito kutali, ndipo amakonza zobwera kunyumba pa tsiku la 12 mpaka la 14, powerenga kuchokera tsiku limene mayiyo anayamba kusamba. Akagonana, mayiyo amagona chagada kwa ola lathunthu. Miyezi ikupita, pakati palibe, ndipo ayamba kudziona ngati wosabereka. Koma tikachotsa 14 pa 35 tikupeza 21. Dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 21, ndipo masiku ake a chonde ndi kuyambira la 16 kufika la 21. Mbewu zonse za pa tsiku la 14 zimakhala zitafa dzira lisanatuluke. Banjali likhoza kukhala lopanda vuto lililonse m'thupi, kungoti likuphonya masiku.

Thupi limaperekanso chizindikiro. Masiku a chonde akayandikira, chikazi chimachuluka, chimakhala choyera ngati madzi, choterera ndi chonanda mukachigwira ndi zala. Dzira likatuluka chimachepa n'kukhuthala. Kwa amene amakhala limodzi, njira yosavuta ndi kugonana pakadutsa masiku awiri kapena atatu aliwonse mwezi wonse, popanda kuvutika ndi kuwerenga. "Kusunga mphamvu" kwa milungu ingapo sikuthandiza, chifukwa mbewu zokhalitsa siziyenda bwino.

Nanga zakudya?

Palibe chakudya, chakumwa kapena mankhwala azitsamba amene anatsimikizika kuti amapatsa munthu pakati, mapasa, kapena mwana wamwamuna. Zoti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi zimatengera mbewu ya bambo imene yakumana ndi dzira: ina imanyamula kachidutswa ka chibadwa kotchedwa X ndipo imapereka mtsikana, ina imanyamula kotchedwa Y ndipo imapereka mnyamata. Ndi kulakwa kwakukulu kudzudzula mayi chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha, pamene mbali imeneyi siichokera kwa iye n'komwe, ndipo ngakhale bamboyo sangathe kusankha.

Chakudya chimakhudza kubereka kudzera m'thanzi la thupi lonse. Kuwonda kwambiri kapena kunenepa kwambiri kumatha kusokoneza kutuluka kwa dzira, ndipo izi zimaonekera pa msambo wodumphadumpha kapena wosowa kwa miyezi. Fodya ndi mowa wambiri zimachepetsa chonde kwa onse awiri. Bambo akasiya, asayembekezere kusintha sabata yomweyo, pakuti mbewu zatsopano zimatenga pafupifupi miyezi itatu kuti zikhwime. Mapiritsi a foliki asidi, mamayikulogalamu 400 tsiku lililonse, ndi ofunika kuyamba kumwa musanatenge pakati mpaka masabata 12 oyambirira a mimba. Ntchito yake si kubweretsa pakati, koma kuteteza mwana ku zilema za msana ndi ubongo. Mankhwala osadziwika mlingo wake, omwa kapena oika kumaliseche, akhoza kuvulaza mimba imene yangoyamba kumene mayi asanadziwe.

Nthawi yopita kuchipatala

Mwa mabanja 10 amene amagonana kawirikawiri osalera, pafupifupi 8 amapeza pakati chaka chisanathe ngati mayi sanafike zaka 40. Kudikira miyezi ingapo si matenda. Koma chaka chikatha, pitani mukapimidwe. Ngati mayi wapitirira zaka 35, musadikire kupyola miyezi 6. Pitani msanga kuposa pamenepo ngati msambo ukusokonekera kapena ukupweteka kwambiri, ngati mimba zakhala zikupita padera, kapena ngati mmodzi wa inu anadwalapo chinzonono kapena matenda ena opatsirana pogonana. Matendawa akapanda kuchizidwa amatseka njira za mazira, nthawi zina popanda chizindikiro chilichonse, ndipo njira yotsekeka singatseguke ndi chakudya kapena kagonedwe.

Pitani nonse awiri. M'chaka cha 2023 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linanena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina m'moyo wake. Pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mbali ya bambo. Kukhala ndi mphamvu pogonana kapena kutulutsa umuna wambiri sikusonyeza kuti mbewu zilimo zokwanira. Zimenezi zimadziwika poyeza umuna ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono, ndipo kuyezaku n'kosavuta poyerekeza ndi zimene mayi amapimidwa. Mayi atenge kapepala kosonyeza masiku amene anayamba kusamba pa miyezi ingapo yapitayi, chifukwa adokotala adzayambira pamenepo.