Laisensi ya Office imakhala pa akaunti, osati mu laputopu

Sabata siitha osabwera munthu kushopu kwanga kuno ku Mzuzu atakolekera laputopu m'khwapa, nkhope ili gwaa: "Achimwene, Office yanga yatha, koma ndinalipira." Ndikatsegula Word, pamwamba palembedwa Unlicensed Product, mabatani ambiri achita mbuu. Chikalata chikutseguka, kusindikiza kukutheka, koma kulemba ngakhale chilembo chimodzi ayi. Ndikafunsa kuti munalowa ndi imelo iti, yankho limakhala lomwe lija: "Ya ine yomwe." Koma itiyo? Ambiri a inu muli ndi atatu.

Ndatopa kubwereza, koma ndinenanso. Mukalipira Microsoft 365, yomwe ena mukuitchulabe Office 365, laisensi siilowa mu laputopu ngati mafuta m'galimoto. Imamangiriridwa ku akaunti imene munalipirira. Word imangofunsa kuti walowayu ndi ndani, ndipo kodi dzina lake lili m'kaundula wa olipira. Mukalowa ndi akaunti ina, ngakhale ili yanu ndithu, Word siikudziwani. Zili ngati mayunitsi a magetsi: mukalakwitsa nambala ya mita pogula, ndalama zapita, koma kwanu kuli mdima.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'chakuti maakaunti ake ali mitundu iwiri. Pali akaunti ya munthu payekha, imene mumatsegula nokha ndi imelo iliyonse, ngakhale ya Gmail. Palinso ya kuntchito kapena kusukulu, imene amakupatsani ndi kuilamulira ndi a kompyuta a kumeneko. Mitundu iwiriyi siigawana kanthu, ndipo imelo imodzi ikhoza kukhala ndi yonse iwiri. N'chifukwa chake nthawi zina polowa mumafunsidwa kusankha pakati pa Work or school account ndi Personal account. Ambiri mumangodina chapamwamba poti muli pachangu.

Pali nkhani ya mayi wina wa ku Luwinga imene mpaka lero imandiwawa. Amalemba mabuku a ndalama a magulu a alimi, ndipo analipira Microsoft 365 Personal ya chaka chonse ndi imelo yawo ya Gmail. Mwana wa mchemwali wawo, wophunzira pa koleji ina, anabwereka laputopu kuti alembe ntchito ya kusukulu. Anatulutsa akaunti ya amayi ake aang'ono mu Word n'kulowa ndi ya kukoleji. Laisensi ya kukolejiyo inali ya mtundu wongogwira pa intaneti, yosalola Word yoikidwa pa makina. Mnyamata anabwerera kusukulu, mayi anapitiriza ntchito osazindikira kanthu, ndipo m'masiku amenewo mafayilo awo ankasungidwa mu OneDrive ya kukoleji, malo osungira mafayilo pa intaneti, poti ndi imene inkabwera pamwamba akadina Save. Kenako mzere wofiira uja unatulukira.

Akanabwera tsiku limenelo, inali ntchito ya mphindi khumi. M'malo mwake anapita kwa mnyamata wina wokonza mafoni m'tauni, amene anafufuta Office n'kuikamo yokiraka, ndiye kuti yakuba, atayamba wazimitsa chotetezera mavairasi. Inayenda kanthawi, n'kuyamba kudandaula za laisensi kachiwiri. Atataya mtima, mayi anagula Microsoft 365 ina, ulendo uno pa akaunti yachitatu imene mnyamata wa mafoni uja anawatsegulira ndi nambala ya foni yake. Anafika kwa ine patapita miyezi inayi, mu Juni, kukuwaza kamvula kozizira kaja, ali ndi malaisensi awiri olipira ndi Office yakuba pamwamba pake.

Laisensi ndinaibweza masana omwewo. Mafayilo ndiwo ndinalephera. Mwana uja anali atamaliza maphunziro, koleji inafufuta akaunti yake, ndipo OneDrive ya akaunti yofufutidwa imasungidwa masiku owerengeka okha pokhapokha a kompyuta a kumeneko atawonjezera. Masikuwo anali atadutsa. Mayi anakhala chete, kenako anati, "Ndiye ndikawauza chiyani alimi?" Ndinalibe chowayankha.

Tsono mukaona Unlicensed Product, musafufute kanthu ndipo musagule kanthu. Tsegulani Word, dinani File kenako Account. Kumanzere, pansi pa User Information, pali imelo imene yalowa. Iwerengeni chilembo ndi chilembo. Kenako pezani akaunti imene inalipira: sakani m'maimelo anu onse lisiti yochokera ku Microsoft, kapena lowani pa account.microsoft.com/services ndi imelo iliyonse payokhapayokha. Pamene Microsoft 365 yaoneka ndi tsiku lake lothera, mwini laisensi ndi ameneyo. Chitani zimenezi pa windo lachinsinsi, lija la InPrivate kapena Incognito, apo ayi burawuza ikulowetsani yokha mu akaunti yolakwika ija n'kukunamizani kuti mulibe kanthu.

Musanatuluke mu akaunti yolakwika, lowani mu OneDrive yake mukopere mafayilo anu pa makina kapena pa fulashi. Apa ndi pamene mayi aja anagwera, choncho musalumphe. Mukatero dinani Sign out, tsekani Word, Excel ndi Outlook zonse, tsegulaninso n'kulowa ndi akaunti yolipira, bandulo ili mkati. Office imafuna kulankhula ndi Microsoft kamodzi pa masiku 30 alionse, ndiye laputopu imene yakhalitsa kumudzi kopanda netiweki imathanso kudandaula chimodzimodzi. Onaninso tsiku ndi nthawi pa makina. Zikasokonekera, laisensi imakana.

Nthawi zina akaunti yakale imakakamira, mukatsegula Word yabwereranso. Ndiye kuti Windows yaisunga. Pitani ku Settings, Accounts, muone pa Email & accounts ndi pa Access work or school, muichotse kumeneko. Ikakanabe, mu Credential Manager ya Windows muli mizere yoyamba ndi MicrosoftOffice16 yoti muifufute. Koma apa ndichenjeze: ngati laputopu ndi ya kuntchito, musadine Disconnect nokha. Mukhoza kudzitsekera kunja kwa makina, ndipo ngati diski ndi yokhomedwa ndi BitLocker, kiyi wake angakhale ali ku akaunti imene mwangoidula. Imbirani a kompyuta a kuofesi kwanu. Ndi iwonso angakuuzeni ngati laisensi yanu ili yonga Business Basic, imene ilibe Word ya pa makina ngakhale mutalowa molondola kakhumi.

Za okiraka ndilibe nazo chifundo. Munthu amene akuyamba n'kuzimitsa chotetezera mavairasi pa makina osunga ndalama za anthu si katswiri. Komanso zotsalira za Office yakuba zimalimbana ndi laisensi yeniyeni, moti ndimayenera kuchotsa zonse n'kutsitsa Office mwatsopano, bandulo yake n'kulipira inu. Ndipo mukagula khadi la kiyi ya Office m'shopu, musalole wogulitsa kulowetsa kiyiyo pa akaunti yake kapena imene watsegula ndi foni yake. Kiyi akalowa pa akaunti, wakhazikika pomwepo.

Mwana akafuna kubwereka laputopu, mutsegulireni dzina lakelake mu Windows. Ngati muli ambiri pakhomo, Microsoft 365 Family imalola anthu 6, aliyense ndi akaunti yake, koma uthenga woitana autsegule atalowa ndi akaunti imene adzagwiritse ntchito mu Word, chifukwa laisensi imapita kwa amene wavomera. Mayi a ku Luwinga tinawathimitsira kulipira kobwerezabwereza pa akaunti yachitatu ija, zimene zinafuna kuti tikamusake mnyamata wa mafoni atipatse nambala yotsimikizira yotumizidwa pa foni yake. Tinamudikira masiku awiri.