Kalata yopemphera sikolashipu imene yalembedwa m'Chingerezi koma ikawerengedwa m'Chifalansa

Amene amapempha sikolashipu ku yunivesite za ku France, Belgium, Switzerland kapena chigawo cha Quebec ku Canada amauzidwa kuti alembe kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira maphunzirowo. Pa fomu imalembedwa kuti « lettre de motivation ». Amene anaphunzira m'Chingerezi amailemba m'Chingerezi, amaikonza masabata angapo mpaka iwowo kukhutira nayo, kenako kutatsala masiku awiri amathamangira kwa womasulira. Pa ntchito yanga yomasulira ndi kuwongolera makalata otere, vuto lalikulu ndimalipeza pomwepo. Kalata ya Chingerezi ija komiti siidzaiona n'komwe. Imene idzawerengedwe, kupatsidwa malikisi ndi kufunsidwapo mafunso ndi ya Chifalansa, yomwe mwini wake sanaipatse nthawi.

Tiyerekeze za mayi wina amene ali ndi digiri ya zaka zinayi ya zaumoyo wa m'malo okhala anthu, ndipo wagwira ntchito zaka zitatu yopima madzi akumwa mu labotale. Akufuna digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu onse ku yunivesite ina ku France. Tinene kuti fomu ya pa intaneti yamupatsa bokosi lolowa zilembo 2,500 basi, ndipo pambali palembedwa kuti « espaces compris », kutanthauza kuti mipata ya pakati pa mawu nayonso ikuwerengedwa. Iye walemba kalata yabwino ya zilembo 2,450 m'Chingerezi.

Kalatayo ikamasuliridwa sikwananso. Chifalansa chimadya malo ambiri kuposa Chingerezi chifukwa chimafuna timawu tolumikizira pamene Chingerezi chimangosanjikiza mayina awiri kapena atatu. Kupima ubwino wa madzi, kumene m'Chingerezi kumalembedwa ndi mawu atatu, m'Chifalansa ndi « contrôle de la qualité de l'eau ». Omasulira ambiri amayembekezera kuti nkhani itupa ndi zilembo 15 mpaka 20 pa zilembo 100 zilizonse, choncho kalata ya mayiyu ifika pafupifupi 2,900. Bokosi lina limakana, lina limangodula chakumapeto mwakachetechete, ndipo chakumapeto n'kumene anthu ambiri amaikako zimene adzachite akadzamaliza maphunziro, chomwe wopereka ndalama amafunitsitsa kumva. Ngati womasulira ndiye wadula yekha, amachotsa chimene chikuoneka chosavuta kuchotsa, osati chimene mwini wake akanalolera kutaya. Njira yake ndi kulemba ya Chingerezi mwa zilembo pafupifupi 2,000, mwadala, kuyambira pachiyambi.

Zilembo 450 zimene zikufunika kuchoka sizivuta kuzipeza. Makalata a Chingerezi amakonda kuyamba ndi nkhani ya paubwana, tsiku limene munthu anaona m'bale wake akudwala n'kutsimikiza mumtima kuti adzathandiza anthu. Ku yunivesite za ku America kalembedwe kameneka amakakonda. Aphunzitsi a ku France amayembekezera kalata yofanana ndi yofunsira ntchito: waphunzira chiyani, wagwira ntchito yanji, n'chifukwa chiyani wasankha maphunziro awa pa sukulu iyi, ndipo adzakuthandiza kuchita chiyani. M'mafomu awo mumapezeka mitu iwiri, « projet d'études » ndi « projet professionnel », wina wa dongosolo la maphunziro, wina wa dongosolo la ntchito. Mayi wathu akachotsa ndime ya paubwana n'kulemba kuti amadziwa kupima tizilombo m'madzi koma sadziwa kugwirizanitsa zotsatirazo ndi chiwerengero cha odwala m'dera, ndipo kuti phunziro lakutilakuti la m'chaka choyamba limaphunzitsa zomwezo, wasunga malo ndipo wanena chinthu chimene wina aliyense sangakopere. Dzina la phunzirolo alitenge pa tsamba la yunivesiteyo monga mmene lalembedwera m'Chifalansa, asalimasulire n'kupita nalo m'Chingerezi kuti womasulira adzalibwezenso, chifukwa limabwerako litasintha ndipo mphunzitsi salizindikira phunziro lake lomwe.

Malo amene ndimakhalapo nthawi yaitali pa kalata iliyonse ndi dzina la digiri. Ku France maphunziro a ku yunivesite anawagawa patatu kuyambira mu 2002, potsatira mgwirizano wa ku Bologna wa 1999: Licence ya zaka zitatu, Master ya zaka ziwiri, kenako Doctorat. Mawu akuti « baccalauréat » kumeneko ndi mayeso omalizira sekondale. Womasulira wosazolowera za maphunziro akaona digiri yoyamba ya mayiyu, amakopeka ndi kufanana kwa mawuwo ndi dzina lake la Chingerezi lakuti Bachelor n'kulemba kuti « titulaire d'un baccalauréat ». Mphunzitsi wa ku Lyon kapena ku Rennes akawerenga zimenezi amamva kuti wopemphayu anangomaliza sekondale ndipo akufuna kulumphira ku digiri yachiwiri. Koma chiganizo chomwecho chikapita ku Université Laval kapena Université de Montréal chimakhala cholondola ndithu, pakuti ku Quebec digiri yoyamba amaitcha motero, ndipo yachiwiri amati « maîtrise ». Ku Belgium, ku Liège kapena ku Louvain-la-Neuve, yoyambayo ndi « bachelier ». Ndiye kalata imodzi ya Chifalansa singatumizidwe kumayiko onsewa osaikhudza, ndipo womasulira ayenera kuuzidwa dziko limene kalatayo ikupita asanalembe mzere woyamba.

Ena amalemba kuti « Licence » n'kupitirira. N'zoyandikira, koma zimamubera mayiyu chaka chimodzi, poti iye anaphunzira zinayi. Ena amafuna kumukomera mtima n'kulemba kuti digiri yake ndi yofanana ndi chaka choyamba cha Master. Zimenezi n'zoopsa kwambiri, chifukwa kugamula kuti digiri yakunja ikufanana ndi iti ndi ntchito ya yunivesite yolandirayo, ndipo ku France kulinso ofesi ya ENIC-NARIC imene imapereka chikalata choyerekezera madigiri. Wopempha akadzigamulira yekha amaoneka ngati akudzikweza kapena sakulidziwa dongosolo. Ine ndimasiya dzina la digiri monga mmene lilili pa satifiketi, kenako n'kuwonjezera mawu ochepa onena zoona zokhazokha: « diplôme de premier cycle obtenu en quatre ans », digiri yoyamba imene inatenga zaka zinayi. Malikisi nawonso asasinthidwe. Ku France amachonga pa 20, ndipo 14 ndi malikisi abwino, choncho amene wapeza 70 pa 100 akadzisinthira yekha amangosokoneza owerenga amene ali ndi chikalata cha malikisi ake patebulo lomwelo.

Liwu lina losocheretsa ndi « collège ». Ku France imeneyi ndi sukulu ya ana a zaka 11 mpaka 15. Ngati mayiyu anaphunzira pa koleji ya zaumoyo ya pansi pa yunivesite, dzina la kolejiyo lisiyidwe mmene lilili, koma paliponse pamene akungonena za nthawi imene anali ku koleji palembedwe yunivesite.

Chifalansa chimafunsanso chinthu chimene Chingerezi sichifunsa: wolembayo ndi mwamuna kapena mkazi? Mwamuna amalemba « je suis diplômé », mkazi « je suis diplômée », ndipo zimatero pa mawu ambiri ofotokoza za mwini kalata. Womasulira amene wangolandira kalata ndi dzina lachilendo kwa iye amangoganizira, kawirikawiri n'kusankha chachimuna. Komiti ikaona chithunzi cha mayi pa fomu ndi kalata yolankhula ngati mwamuna kuyambira pamwamba mpaka pansi, imadziwa kuti kalatayo sanalembe yekha, ndiponso kuti sanathe kuiwerenga.

Za kaonekedwe sizifuna nthawi yambiri. Pamwamba pamakhala mzere woyamba ndi « Objet : » wonena maphunziro ndi sikolashipu imene ikupemphedwa. Moni wake ndi « Madame, Monsieur, » basi, popanda liwu lakuti wokondedwa, ndipo kalata yonse imalankhula ndi « vous » waulemu. Potseka pali chiganizo chokhazikika chimene sichimasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, chimangolembedwa: « Je vous prie d'agréer, Madame, Monsieur, l'expression de mes salutations distinguées. » Kalata yotere sifunika chidindo cha womasulira wolumbiritsidwa ndi khoti. Iyeyo ndi wa masatifiketi ndi zikalata za malikisi, ngati yunivesite yatero.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi kalata yomasuliridwa bwino kwambiri. Maphunziro ambiri ophunzitsidwa m'Chifalansa amafuna kuti wopempha adziwe chilankhulocho pa muyezo wa B2, ena C1, ndipo umboni wake ndi mayeso a Chifalansa a DELF, DALF kapena TCF. Tinene kuti mayi wathu ali ndi DELF B1 ndipo akukonzekera B2. Womasulira waluso akamupatsa ziganizo zazitali zopindapinda, za munthu woti anakulira m'chilankhulocho, kalatayo imatsutsana ndi satifiketi imene ili m'failo yomweyo. Tsiku lofunsidwa mafunso pakamwa, mphunzitsi amatha kuwerenga chiganizo chimodzi cha m'kalatamo n'kunena kuti, tafotokozani zambiri pamenepa. Munthu akalephera kumva mawu amene anasainira yekha, aphunzitsi amayamba kukayikira ndi zina zonse zimene walemba, ngakhale zoona. N'chifukwa chake ndimapempha kuti Chingerezi chikhale cha ziganizo zazifupi, ganizo limodzi pa chiganizo, chopanda zining'a, ndipo Chifalansa chake chikhale cholondola koma chosapitirira patali pamene mwini wake wafika. M'kalatamo anene mosabisa kuti ali ndi B1, ndi mwezi umene adzalembe B2. Malamulo a sikolashipu akanena kuti kalata ilembedwe ndi wopempha yekha m'Chifalansa, ndiye kuti kumasuliritsa sikuloledwa. Ndipo ngati maphunzirowo amaphunzitsidwa m'Chingerezi, monga ena ambiri a Master ku France ndi ku Belgium, afunse kaye, chifukwa mwina ya Chingerezi ndiyo ikufunika.

Adziwenso amene adzayambe kuiwerenga. Sikolashipu ya Eiffel, imene boma la France linakhazikitsa mu 1999 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la Campus France, wophunzira sapempha yekha mwachindunji. Yunivesite ndiyo imasankha anthu ake n'kupereka mayina awo. Choncho woyamba kukhutira ayenera kukhala mkulu wa maphunziro a Master amene mayiyu akufuna, ndipo tsiku lotsekera la yunivesiteyo limafika msanga kuposa lolembedwa pa tsamba la sikolashipu.

Kalata ikabwera kuchokera kwa womasulira, mayiyu akhale nayo pansi, ya Chingerezi kumanzere, ya Chifalansa kumanja. Pa chiganizo chilichonse cha Chifalansa anene tanthauzo lake m'mawu akeake asanayang'ane kumanzere, ndipo pamene wakakamira achongepo kuti womasulira apafewetse. Ayerekeze zaka, mayina a mabungwe ndi dzina la digiri ndi zimene zili pa masatifiketi ndi pa chikalata cha mbiri ya ntchito yake, chilembo ndi chilembo. Kenako aipereke kwa munthu wodziwa Chifalansa amene sanaone ya Chingerezi, makamaka woti anaphunzirako m'dziko limene kalatayo ikupita, n'kumufunsa kuti anene digiri imene wolembayo ali nayo, ntchito imene amagwira ndi chimene akufuna kukaphunzira. Akayankha molakwa pa chimodzi mwa zitatuzi, chiganizo chimene chamusocheretsacho chibwerere kwa womasulira. Ntchito yonseyi imafuna sabata yathunthu, ndipo sabatayo iwerengedwe kuchokera pa tsiku lotsekera la yunivesite kubwerera m'mbuyo.