Jekete la Mabatani Ochuluka: Mawu Oletsa Amathandiza Mpaka Pati?

Amene timakonza zithunzi ku Ulongwe ndi mumzinda wa Tete timapemphedwa kawirikawiri kuti munthu amene anajambulitsa atavala shati timuveke jekete, kuti chithunzicho chikakhale pa khadi la ukwati. Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi potsatira mawu amene mwalemba, imachita zimenezi mosachedwa, koma mukachikulitsa chithunzicho mumapeza mabatani 5 pamene panafunika 2, mkono wa jekete utamatirira kunthiti, kolala itapotoka.

Ambiri amalemba `no extra buttons` m'bokosi lalikulu la malangizo. Pulogalamuyi siimva bwino mawu okana. Imangogwira liwu la mabataniwo n'kuwawonjezera. Zimene simukuzifuna zili ndi bokosi lakelake la mawu oletsa, lolembedwa `Negative prompt`:

```
extra buttons, double row of buttons, fused sleeve, twisted collar
```

Tchulani cholakwikacho, osati chinthu chenichenicho. Mukangolemba `buttons` basi, jekete likhoza kutuluka lopanda batani ndi limodzi lomwe. Komanso mawu oletsa sawerengera, amangokankhira chithunzi kutali ndi zimene mwatchula. N'chifukwa chake chiwerengero muchinene m'bokosi lalikulu lija: `single-breasted blazer, two buttons`.

Mphamvu ya mawu oletsa imadalira `CFG Scale`, nambala youza pulogalamu kuti itsatire mawu anu mwamphamvu bwanji. Ikakhala pa 1 sagwira ntchito n'komwe, ngakhale mutalemba mizere khumi. Ine ndimayambira pa 7. Ndimasunganso `Seed` imodzimodzi, nambala imene chithunzi chimayambirapo, n'kumasintha liwu limodzi pa nthawi, apo ayi simungadziwe chimene chachotsa batani lija. Likakanirira, mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yogwiritsira ntchito Stable Diffusion, lembani `(extra buttons:1.3)` m'bokosi la mawu oletsa kuti mawuwo akhale ndi mphamvu yowonjezera, koma mukakweza kwambiri nambalayo nsalu imayamba kuoneka ngati pulasitiki.

Mkono womatirira ndi nkhani ina, ndipo apa ndimaona anthu akutaya nthawi yochuluka pa mawu. Tiyerekeze kuti bambo aima mkono uli potalikirana pang'ono ndi thupi, ndipo pakati pakuoneka khoma. Mukamapaka pachithunzi posonyeza pulogalamu malo ofunika kusintha, n'kukwiriranso kampata kameneko, pulogalamu imaona kuti ponsepo ndi pake, ndiye imadzazapo nsalu. Mungalembe `fused sleeve` kangapo, siimva. Kasiyeni kampatako kosapaka, ndipo `Denoising strength`, nambala yonena kuti malo opakidwa asinthe kwambiri bwanji, ikhale cha pa 0.5 pokonza mkono, kuti mzere wakale wa mkonowo usafufutike.

Kolala imapotoka chifukwa pa chithunzi cha thupi lonse ndi kachinthu kakang'ono, kopanda madontho okwanira oti kajambulike bwino. Jekete likatuluka bwino, bwererani mupake khosi lokha, musankhe `Only masked` kuti malowo akonzedwe atakulitsidwa, ndipo mawu oletsa akhale a kolala okhaokha. Mukatero yang'anani nsonga zonse ziwiri ngati zikulingana kutalika, komanso ngati mpata wa pakati pake ukulunjika pa mzere wa mabatani. Makasitomala ovala zosokedwa ndi telala amayamba kuyang'ana pamenepo.